Momwe mungalembere chikonzekero cha phunziro la kumvetsa nkhani alekichala akamabwera kudzakuonerani

Uthenga umafika madzulo, mwina kudzera kwa ahedi, mwina kwa mnzanu wa pasukulu yoyandikana amene waona galimoto ya kukoleji: mawa akubwera kudzaonera phunziro. Ine ndinkachita zoyeserera kuphunzitsa pasukulu ina ya kumudzi, mu Sitandade 6, ana 87 m'chipinda chimodzi, mabuku a Chichewa 19. Anandionera kawiri pa phunziro la kumvetsa nkhani. Ulendo woyamba ana anakhoza mafunso onse koma ine malikisi anga anatsika. Wachiwiri zinayenda. Ndikulemba izi kuti anzanga amene muli m'sukulu pano musadzere njira yomwe ndinadzera ine.

Yambani ndi sikimu. Mutu wa phunziro, sabata ndi tsiku zigwirizane ndi zomwe munalemba m'menemo, chifukwa alekichala amatsegula sikimu asanatsegule chikonzekero. Za pamwamba zija, sitandade, tsiku, nthawi, luso ndi mutu, mukuzidziwa kale. Chongokumbukira n'chakuti phunziro la m'makalasi akuluakulu ndi la mphindi 35, ndipo kalikonse kolembedwa m'munsimo kayenera kukwana m'mphindi zimenezo.

Kenako werengani nkhaniyo nokha, kawiri, musanalembe kanthu. Kawirikawiri imakhala ya m'buku la ophunzira la ku MIE, ku Domasi. Ine sabata imeneyo inali yobwereza, choncho amentala anandilola kupeka yanga. Inali ya mawu pafupifupi 150, koma mtima wake unali uwu:

"Bambo wina anakolola matumba 20 a chimanga mwezi wa Meyi. Mavenda atafika m'mudzimo ndi masikelo awo, iye anagulitsa matumba 16 n'kugula njinga ndi wailesi. Mkazi wake sanayankhule kanthu, koma usiku anatenga matumba awiri n'kukasungitsa kwa mchemwali wake. Pofika Febuluwale, njinga ija inali pamsika."

Ngati mabuku ndi ochepa, nkhani iyenera kulembedwa patchati usiku womwewo. Musadalire kuilemba pabolodi phunziro lili m'kati, mphindi khumi zidzathera pachoko ana akusokosa kumbuyo kwanu. Mapepala a tchati akwera mtengo, ndipo simukuyenera kugula. Kuseri kwa kalendala yakale kumalembeka bwino, chimodzimodzi pepala la m'kati mwa thumba la simenti mukalikung'untha n'kuliwongola. Imeneyo ndiyo TALULAR yomwe tinaphunzira kukoleji, ndipo oonera amakondwera nayo. Chenjerani ndi zolembera zamaka zogula pabenchi ya pamsika. Zina zimakhala zoti zakhalitsa padzuwa, zimalemba mizere itatu n'kuuma. Uzani wogulitsa atsegule, mulembe pakatoni ali pomwepo. Mukamaliza tchati, kachipachikeni n'kukaima pamene pamakhala mwana wa kumbuyo kwenikweni. Ngati inu mukutsinzinira kuti muone, iye sadzawerenga.

Tsopano zizindikiro za kakhonzedwe. Musalembe kuti "ophunzira amvetsa nkhani", chifukwa kumvetsa sikuoneka ndi maso. Lembani chinthu chimene mwana adzachite inu n'kuchiona kapena kuchimva. Zanga zinali zitatu: ophunzira apereka matanthauzo a mawu atatu achilendo, ayankha mafunso ochokera m'nkhani, afotokoza zifukwa za zomwe anthu a m'nkhani anachita. Zitatu zakwana. Chilichonse chimene mwalonjeza apa, alekichala adzachifunafuna m'phunziro ali ndi cholembera m'manja.

Apa ndi pamene ine ndinagwera, pa mafunso.

Ulendo woyamba ndinalemba mafunso asanu. Bamboyo anakolola matumba angati? Anakolola mwezi uti? Ndani anafika m'mudzimo? Anagula chiyani? Mkazi wake anatenga matumba angati? Manja anali m'mwamba kalasi yonse, zala zikulira, "ine aphunzitsi, ine aphunzitsi!" Pochonga m'makope ndinkangoona zokhoza zokhazokha. Ndinatuluka mtima uli m'malo.

Tinakakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi. Alekichala, mayi wodekha kwambiri, anatenga kope langa n'kulemba chiganizo ichi: "Gwelu anapondoza matsika atatu." Kenako anati, "Aphunzitsi, tandiyankheni. Gwelu anapondoza matsika angati?"

Ndinati, "Atatu, madamu."

"Mwakhoza. Nanga Gwelu ndani? Kupondoza n'kutani?"

Ndinalibe yankho, poti mawuwo anangowapeka pomwepo. Anandiuza kuti mafunso anga onse asanu anali a mtundu umenewo. Mwana amangoyang'ana mawu a m'funso, n'kuwasaka patchati, n'kukopera oyandikana nawo. Akhoza kukhoza zonse asanamve kuti banja lija linagwa m'njala. Atatero analoza chizindikiro changa chachitatu, chija chakuti afotokoza zifukwa, n'kundifunsa kuti ndi funso liti limene linayesa chimenecho. Panalibe ndi limodzi lomwe. Ndinalonjeza pamwamba pa tsamba chinthu chimene sichinapezeke pena paliponse m'munsi mwake.

Chinandipweteka kwambiri n'chakuti anawo sindinawathandize. M'kalasi imeneyo munali ana amene makolo awo anagulitsadi chimanga kwa mavenda chaka chomwecho. Nkhaniyo inali yawo, akanatha kuyankhula zambiri, koma ine ndinangowatuma kuwerenga matumba.

Kuyambira tsiku limenelo mafunso ndimawalemba chonchi. Awiri oyamba akhale oti yankho lili poyera m'nkhani. Amenewa ndi ofunika ndithu, amapatsa poyambira mwana amene amavutika kuwerenga. Awiri otsatira akhale oti yankho silinalembedwe pamzere uliwonse, mwana alumikize yekha mbali ziwiri za nkhani. Lomaliza limufunse maganizo ake, koma atsamire pa zomwe wawerenga. Pankhani ya chimanga ija akanakhala otere:

1. Bamboyo anakolola matumba angati?
2. Anagula chiyani atagulitsa chimanga?
3. N'chifukwa chiyani mkazi wake anakasungitsa matumba awiri usiku?
4. N'chifukwa chiyani njinga inali pamsika mwezi wa Febuluwale?
5. Kodi mayiyu anachita bwino kubisira mwamuna wake chimanga? Perekani chifukwa.

Taonani funso lachinayi. M'nkhani mulibe mawu akuti njala, mulibenso akuti anagulitsa njinga. Mwana ayenera kukumbukira kuti pakhomo panatsala matumba ochepa, adziwe kuti Febuluwale ndi mwezi umene nkhokwe zimakhala zitapita pansi, ndiye aone yekha kuti njinga yapita kuti agule chakudya. Akayankha kuti "ankafuna kukwera kupita kumsika", mwadziwa kuti wawerenga mawu koma nkhani yamudutsa, ndipo mwadziwanso pomuthandizira. Mumufunse kuti, "Patsala matumba angati pakhomopo? Angafike nawo Febuluwale?" Musamupatse yankho.

Njira yoyesera funso lililonse ndi yosavuta. Ikani chala pankhaniyo. Ngati chala chimodzi chaphimba yankho lonse, funsolo ndi la mtundu wa Gwelu. Oterowo asapitirire awiri. Yesaninso mbali inayo: ngati mwana angayankhe asanawerenge n'komwe, monga "kodi njala ndi yabwino?", funsolo lifafanizeni.

Lembaninso mayankho omwe mukuyembekezera, m'chikonzekero momwemo, pansi pa funso lililonse. Ambiri timadumpha zimenezi poganiza kuti tikuwadziwa. Koma pamafunso ofuna kuganiza ana amabweretsa mayankho amene simunawalote, ndipo alekichala ali pakona mutu umaima. Ulendo wachiwiri, pankhani ina ya mnyamata amene anasiya mbuzi zikudya m'dimba, mtsikana wina anapereka chifukwa chosiyana ndi changa koma chomveka. Poti ndinali nditalemba kuti "landirani yankho lililonse lokhala ndi umboni wa m'nkhani", ndinangomufunsa kuti, "Waona pati zimenezo?" Anapita kutchati n'kuloza mzere. Alekichala analemba kanthu pafomu yawo nthawi yomweyo.

Ndinenepo za zikonzekero zolembalemba kale zimene zimayenda m'magulu a pa WhatsApp, zina zimagulitsidwa m'mashopu a fotokope pafupi ndi makoleji. Musataye ndalama. Zambiri mafunso ake ndi okopera okhaokha, zina masamba a buku omwe zatchula sagwirizana ndi buku lomwe lili m'kalasi mwanu. Komanso woonera mmodzi amayenda sukulu zingapo sabata imodzi. Akaona chikonzekero chomwecho kachitatu, ndi cholakwika chomwecho pamzere womwewo, amadziwa.

Mafunso akakhala bwino, masitepe savuta. Gawani tsamba pawiri, zochita mphunzitsi uku, zochita ophunzira uku, ndipo mbali ya ophunzira isamangoti "amvetsera" kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ine mphindi ndinazigawa motere. Zinayi za chiyambi, ana aone mutu kapena chithunzi n'kulosera zomwe nkhani ikambe. Zisanu za mawu achilendo, atatu okha, ndipo muwaphunzitse ali m'chiganizo. Zisanu ndi imodzi za kuwerenga chinunu, mutawapatsiratu funso limodzi loti alisake powerenga kuti maso asamayende pazenera. Zisanu ndi zitatu akambirane awiriawiri mafunso achitatu ndi achinayi, magulu angapo anene zomwe apeza. Zisanu ndi zinayi alembe m'makope, inu mukuzungulira ndi cholembera chofiira. Zitatu zotsala ndi za mathero.

Musaike kuwerenga mokweza mmodzimmodzi m'phunziro limeneli. M'kalasi ya ana 80 kumadya nthawi yonse, ndipo amene akudikira mzere wake samvera tanthauzo. Lembani mzere umodzi wonena za ana ovutika kuona kapena kuwerenga: akhala kutsogolo, kapena akhala ndi mnzawo wowathandiza. Posankha oyankha sinthanitsani atsikana ndi anyamata, kutsogolo ndi kumbuyo.

Pamathero bwererani ku zomwe analosera pachiyambi, anene okha ngati zinalondola. Malo a ndamanga asiyeni opanda kanthu mpaka phunziro litatha, ndipo mukamalemba tchulani nambala: ana angati anakhoza funso lachinayi, ndipo otsalawo muchita nawo chiyani mawa. Amentala kapena ahedi asayinire chikonzekero m'mawa belu lisanalire. Tengani selotepi kapena timisomali tiwiri, khoma la njerwa zosapaka pulasitala silimata tchati.