Musanakongole ndalama za malata, werengani izi kaye

Mlamu wanga amagwira ntchito ku Joni, ndipo nyumba yake ku Mchengautuwa yafika pofolera. Mvula ya ku Mzuzu sichitira chifundo njerwa zosafolera, ndiye anandiimbira kuti, "Alamu, banki yandivomera R40,000 ya malata ndi matabwa, nditenge?" Ndinawauza kuti anditumizire kaye mapepala a malipiro a miyezi itatu ndi masitetimenti a ngongole zonse zomwe ali nazo.

Chimene timafuna kudziwa n'chakuti pa ndalama zomwe munthu amalandira pamwezi, ndi gawo lalikulu bwanji lomwe limapita ku ngongole. Masamu ake ndi awa:

```
zobweza pamwezi ÷ malipiro a pamwezi × 100
```

Pa pepala la malipiro pamakhala manambala awiri ofunika. Pamene palembedwa Gross Pay ndi malipiro onse asanadule kanthu, ndipo Net Pay ndi zomwe zimalowadi mu akaunti. Mwezi umene mlamu ankanyadira unkaonetsa R14,000, koma R2,000 inali ya ovataimu, ndipo miyezi iwiri inayo kunalibe. Ndalama yobwera mwa apo ndi apo sitiidalira, choncho tinatenga R12,000. Akadula msonkho wa PAYE, inshuwalansi yothandiza munthu ntchito ikatha ya UIF yomwe ndi 1 peresenti, ndi penshoni, amatsala ndi R10,400.

Pa sitetimenti ya ngongole anthu amathamangira kuona zomwe zatsala kuti amalize. Apa si zimene tikufuna. Yang'anani pamene palembedwa Instalment, ndiye kuti zomwe amakudulani mwezi uliwonse. Mlamu amabweza R1,300 ya ngongole yakale ya kubanki, R650 kusitolo komwe anatenga firiji ndi bedi, ndi R450 ya foni ya kontirakiti. Zonse pamodzi R2,400, ndipo tikagawa ndi R12,000 tipeza 20 peresenti. Chenjezo limodzi: ngati ngongole ina imadulidwa ndi abwana pa pepala la malipiro pomwepo, musaiwerenge kawiri pamene mukugwiritsa ntchito Net Pay, chifukwa yachoka kale.

Ngongole yatsopanoyo anauzidwa kuti azibweza R1,800 pamwezi kwa miyezi 36, kuphatikiza chiwongoladzanja, inshuwalansi ndi ndalama ya ntchito ya banki. Tikaiphatikiza zimakhala R4,200, yomwe ndi 35 peresenti ya R12,000. Alangizi ambiri a zachuma amati munthu asapyole 36 peresenti ya malipiro osadulidwa, ndiye papepala mlamu analowa, ngakhale movutikira.

Koma apa ndi pomwe ife a kunja timagwera m'mbuna. Munthu sadya R12,000, amadya R10,400, ndipo R4,200 pa R10,400 ndi 40 peresenti. Komanso pali ngongole yomwe siilembedwa pa sitetimenti iliyonse. Mwezi ndi mwezi mlamu amatumiza R1,500 kwa amayi ake ya ufa, mankhwala ndi sukulu ya mdzukulu. Kodi angaidumphe mwezi wina? Tonse tikudziwa kuti foni ingalire usiku wonse. Ndalama yomwe simungathe kuidumpha, ine ndimaiwerenga ngati ngongole, chimodzimodzi chipereganyu ndi zomwe munakongola kubanki m'khonde kudzera mwa akazi anu. Tikaika R1,500 ija zifika R5,700, pafupifupi 55 peresenti ya zolowa m'thumba.

Zotsala ndi R4,700. Lendi ya chipinda R2,200, thiransipoti yopitira kuntchito R1,000, ndipo R1,500 ndiyo ya chakudya, magetsi ndi mayunitsi kwa mwezi wathunthu. Kukagwa maliro kumudzi, ndiye kuti katapila.

"Koma nyumba ikatha ndiikamo munthu, lendi izibweza yokha," anatero mlamu. Lendi imeneyo sinayambe, choncho siilowa m'masamu. Ngakhale itayamba idzakhala ya makwacha pomwe ngongole ndi ya marandi. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene ankadalira lendi ya makwacha kubweza ngongole ya kunja anadzuka lendi yawo ikugula marandi ochepa kwambiri kuposa dzulo lake. Ndinawachitiranso masamu ena oti aone: R1,800 kuchulukitsa ndi 36 ndi R64,800, kutanthauza kuti malata a R40,000 awalipira ndi R24,800 pamwamba.

Titabwerera ku masitetimenti tinaona kuti ya firiji yatsala miyezi inayi. Ikatha, zobweza zitsika kufika R1,750. Akatenga theka lokha, R20,000, banki inati azibweza R950, ndipo zonse zikhala R2,700. Pamodzi ndi za amayi ndi R4,200, kapena kuti 40 peresenti ya R10,400, m'malo mwa 55 ija. Tagwirizana kuti padakali pano mmisiri aphimbe pamwamba pa makoma ndi pulasitiki wakuda, ndipo firiji ikatha ayambe kufolera zipinda ziwiri zakutsogolo.