Kalata yopempha MRA kuti ichotse chindapusa cha kuchedwa

Amalonda anzanga a ku Mchinji, bungwe lotolera misonkho la MRA likakulipiritsani chindapusa chifukwa chochedwa kupereka fomu ya msonkho, musayambe ndi kalata. Yambani mwapereka fomu yochedwayo pa Msonkho Online, ndipo ngati pali msonkho weniweni woti mulipire, lipirani. Kupempha chikhululukiro fomu isanalowe n'kutaya pepala, chifukwa wowerenga kalatayo ayamba wayang'ana ngati cholakwacho chakonzedwa.

Tiyerekeze mayi wa shopu ya simenti ndi malata pa Kamwendo, wolembetsa VAT. Fomu ya Juni imayenera kulowa pofika 25 Julayi. Mayiyu anagonekedwa m'chipatala pa 18 Julayi, anatuluka pa 6 Ogasiti, napereka fomu pa 9 Ogasiti. Kalata yake ipite kwa Komishonala Jenerali kudzera ku ofesi ya MRA yomwe imaona za misonkho yake. Pamwamba alembe dzina la bizinesi monga analembetsera, nambala ya TPIN, mtundu wa msonkho, mwezi wake, ndi ndalama ya chindapusa monga yalembedwera pa chikalata chomwe analandira.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pofotokoza chifukwa. Kungolemba kuti "ndimadwala" sikokwanira. Alembe masiku atatu aja, logonekedwa, lotuluka ndi lopereka fomu, kuti aliyense aone kuti tsiku lomaliza linamupeza ali pa bedi, komanso kuti atangotuluka sanazengereze. Ayankhenso funso lomwe wowerenga akhale nalo: nanga panalibe wina womuperekera? Ngati mabuku amasunga yekha ndipo mnyamata wa pa shopu amangogulitsa, anene choncho. Aphatikize kope la kalata yotulukira m'chipatala, umboni woti fomu yalowa, ndi risiti ya kubanki. Ngati m'mbuyo monsemu sanachedwepo, achitchule, pakuti mbiri yabwino imamulankhulira.

Pali zifukwa zina zomwe ine sindikulimbikitsani kulemba. "Sindimadziwa tsiku" n'chimodzi. China, chomwe chimandimvetsa chisoni chifukwa chimagwetsa anthu oona mtima, ndi chakuti "mwezi umenewo sindinagulitse kanthu." Malonda akazizira nthawi ya dzinja, wolembetsa VAT amaperekabe fomu, yosonyeza ziro. Mukati netiweki kapena makina a MRA anavuta, pakhale chithunzi cha uthenga womwe unatuluka, chooneka tsiku.

Pempho lenileni likhale chiganizo chimodzi: mukupempha kuti chindapusa cha mwezi wakuti chichotsedwe, kapena chichepetsedwe. Musachisakanize ndi kutsutsa kuchuluka kwa msonkho, imeneyo ndi nkhani ina yokhala ndi njira yake. Tsamba limodzi lakwana.

Pokapereka, tengani makope awiri, limodzi akudindireni chidindo cha tsiku mubwerere nalo. Dziwani kuti kuchotsa chindapusa ndi chifundo cha MRA, si ufulu wanu, ndipo ngongoleyo ilipobe mpaka yankho litabwera molemba. Podikirapo fomu yotsatira isachedwe: kwa mayi uja, ya Julayi ilowe pofika 25 Ogasiti.