Lekani kufufuta pulagini mu foda ya seva

Miyezi yapitayi ndaitanidwa kukaona mawebusaiti angapo a WordPress amene asokonekera, ndipo matenda ake ndi amodzi. Mwini wake watopa ndi pulagini inayake, walowa mu File Manager kapena mu FTP, wapeza foda yake mu `wp-content/plugins`, n'kuifufuta. Ena chizolowezichi anachitengera kalekale ndipo safuna kumva. Akuti n'kwachangu. Changu chanji choti mawa lake muziyenda mukufuna wokukonzerani?

Pulagini yolembedwa bwino imakhala ndi njira yodziyeretsera, kawirikawiri fayilo yotchedwa `uninstall.php`. WordPress imaiyendetsa mukadina Deactivate kenako Delete patsamba la Plugins. Mukafufuta foda ndi manja, fayiloyo imapita limodzi isanagwire ntchito, ndiye zonse zimene pulagini inalemba mu detabesi zimatsala mommo. Kuli ngati kudula chisoso pamwamba mizu n'kuisiya m'nthaka. Mu tebulo la `wp_options` mumatsala mizere, ndipo ina mwa iyo WordPress imaiwerenga nthawi iliyonse munthu akatsegula tsamba, ngakhale palibenso choigwiritsa ntchito. Mumatsalanso matebulo athunthu ndi ntchito zoikidwa pa nthawi. Mapulagini ofulumizitsa webusaiti amasiya `advanced-cache.php` mu `wp-content` ndi mizere yawo mu `.htaccess`.

Izi n'zobisika. Zoonekera n'zimene zimaluzitsa. Bambo wina woweta nkhuku amalandira maoda a anapiye kudzera pa fomu ya pawebusaiti yake. Anafufuta pulagini ya fomuyo poganiza kuti ndi yakale. Anayang'ana tsamba loyamba, n'kuona kuti lili bwinobwino. Anandiuza kuti, "Alangizi, ine ndimangoti msika wagwa." Msika unalipo. Patsamba la maoda, pamene panali fomu, panangotsala kachilembo ka m'mabulaketi ngati `[fomu id="12"]`, chifukwa pulagini yosandutsa kachilemboko kukhala fomu inali itachoka. Makasitomala amafika, n'kusowa polemba, n'kupita kwina. Pofuna kukonza okha, bambowo anafufutanso thimu ina imene sinali yoyatsidwa. Koma imene ankagwiritsa ntchito inali thimu yamwana, yodalira mafayilo a thimu ina, ndipo anafufutayo ndiyo inali kholo lake. Maonekedwe onse a webusaiti anatha tsiku lomwelo.

Zimenezi zimandipweteka chifukwa kudziwa kwake n'kosavuta. Tsegulani `style.css` ya thimu yoyatsidwa. Mukaona mzere umene ukuyamba ndi `Template:`, dzina lili pamenepo ndi foda ya kholo, ndipo imeneyo musaikhudze. Choopsa china n'chakuti thimu ina imaitana ntchito za pulagini kuchokera mu `functions.php`. Pulagini ikasowa, alendo amangolandiridwa ndi uthenga wakuti "There has been a critical error on this website."

Chochita ndi ichi. Sungani kope la mafayilo ndi la detabesi yomwe, osati chimodzi. Musanachotse kanthu, fufuzani masamba amene akudalira pulaginiyo. Mu phpMyAdmin lembani izi, m'malo mwa `fomu` muike kachilembo kanu:

```sql
SELECT ID, post_title FROM wp_posts
WHERE post_content LIKE '%[fomu%';
```

Ngati matebulo anu sayamba ndi `wp_`, onani `$table_prefix` mu `wp-config.php`. Konzani masamba amenewo kaye. Kenako dinani Deactivate basi, yendani masamba onse, tumizani fomu yoyesera, dikirani masiku angapo. Pakasweka kanthu mungoyatsanso. Musanadine Deactivate yang'ananinso m'zosankha za pulagini, chifukwa mapulagini ena safufuta zawo mu detabesi pokhapokha mutachonga kabokosi kolola zimenezo. Mukatero ndiye Delete. Ogwiritsa ntchito WP-CLI samalani: `wp plugin delete` imachotsa mafayilo okha, yoyeretsa ndi `wp plugin uninstall`.

Munafufuta kale foda? Ikaninso pulagini yomweyo, muichotse mwa njira yake. Thimu nayo yatsani ina kaye, yakaleyo muifufute pa Appearance, Themes. Zosankha zake zimakhala mu `wp_options`, mu mzere wa `theme_mods_` wotsatana ndi dzina la foda yake, ndipo mutha kuuchotsa ngati simudzabwererako. Zotsala zina yambani mwaziona ndi `SELECT`, muwerenge dzina lililonse musanalembe `DELETE`. Mzere umene simukudziwa mwini wake usiyeni, makamaka `siteurl`, `home` ndi `active_plugins`, zomwe ndi za WordPress yeniyeniyo.