Momwe mungakonzere ndondomeko ya ukwati powerengera chobwerera kuchokera pa tsikulo

Makomiti ambiri a ukwati kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje amalemba zofunika kugula, koma salemba tsiku lomaliza la ntchito iliyonse, ndipo mapeto ake telala, opempha ndalama ndi ogula ng'ombe amathamanga onse m'sabata imodzi. Tiyerekeze kuti ukwati ndi wa ku tchalitchi ku Nchalo, Loweruka pa 29 Ogasiti 2026. Miyezi itatu ndi masabata 13, choncho ndondomeko iyambe pa 30 Meyi.

Choyamba, lembani tsiku la ukwati pansi pa pepala, ndipo pamwamba pake mundandalike Loweruka lililonse kubwerera m'mbuyo. Pa ntchito iliyonse dzifunseni mafunso awiri: imatenga masiku angati, ndipo ikudikira chiyani kuti iyambe?

Yambani ndi za ku tchalitchi, chifukwa masiku ake komiti singawasunthe. Ngati mpingo wanu umalengeza ukwati Lamulungu katatu, kulengezako kugwa pa 9, 16 ndi 23 Ogasiti. Izi zikutanthauza kuti maphunziro a banja ndi makalata a ubatizo zikhale zitatha pofika pa 2 Ogasiti. Mkwati akakhala wa mpingo wa ku Nsanje, kalata yochokera kwawo ipemphedwe kumayambiriro kwa Julayi, pakuti abusa kapena ansembe amakhala ali kumidzi masiku ena. Komanso zonsezi sizingayende ankhoswe asanagwirizane, ndiye nkhani ya malowolo, kwa mabanja amene amalowola, ithe mu Juni.

Zovala muziwerengere chimodzimodzi. Tsiku loyeza likhale pa 15 Ogasiti kuti patsale masabata awiri okonza polakwika. Telala akati akufuna masabata anayi, nsalu zifike kwa iye pa 18 Julayi, ndipo wokwera mtunda kukazigula ku Limbe akhale ndi ndalama m'manja pa 11 Julayi. Tsiku limeneli ndilo muuze osonkha, osati kungoti “ukwati usanafike”.

Kenaka gawani zonse m'mapepala atatu, pantchito iliyonse pakhale dzina la munthu mmodzi ndi tsiku lake. Pepala la Juni: ankhoswe, komiti, bajeti, kulipirako holo ndi zokuzira mawu. La Julayi: makalata, nsalu, mpunga, nkhuni, makadi oitanira anthu. La Ogasiti muligawe m'masabata: galimoto zitsimikizidwe pa 15, jenereta iyesedwe pa 22, madzi atungidwe pa 27.

Ng'ombe mukhoza kuigula ku Ngabu mu Julayi n'kuisungitsa, koma iphedwe madzulo a pa 28 pokhapokha ngati pali firiji yokwanira. Popanda firiji, iphedwe m'bandakucha wa tsikulo, chifukwa kutentha kwa m'chigwa muno kumaononga nyama msanga ngakhale mu Ogasiti.

Loweruka lililonse mlembi awerenge ntchito zimene tsiku lake ladutsa. Nsalu zikachedwa ndi sabata imodzi, musasunthe tsiku loyeza; chepetsani zovala zosoketsa kapena pezani telala wachiwiri tsiku lomwelo.