Momwe mungawerengere phindu loyembekezeka ndi valiyansi pa masewera a dayisi

Tengani dayisi imodzi ya mbali 6. Kuti muponye kamodzi mulipira makobili 10. Ikagwa pa 6 mulandira makobili 30, ikagwa pa 4 kapena 5 mulandira 12, ikagwa pa 1, 2 kapena 3 mupita chimanjamanja. Funso lake ndi lakale, la mtundu womwewo umene akatswiri a masamu a ku France, Pascal ndi Fermat, ankalemberana m'makalata mu 1654: kodi masewerawa akukomera ndani, woponya kapena mwini dayisi? Nanga zotuluka zake zimamwazikana motani?

Yambani ndi tebulo. Ndalama imene mulandire tiitcha X, ndipo X ingakhale 30, 12 kapena 0 basi, palibe za pakati. Pambali pa nambala iliyonse lembani mwayi wake: 30 ali ndi 1/6, 12 ali ndi 2/6 chifukwa mbali ziwiri zimamupereka, 0 ali ndi 3/6. Mukaphatikiza mwayi wa pa mizere itatuyo muyenera kupeza 1. Ngati simunapeze 1, musapitirire, pali mbali ya dayisi imene mwaiwala.

Apa tikutenga kuti dayisiyo ndi yabwinobwino, mbali zonse zili ndi mwayi wofanana. Ngati mukufuna kuyesa ndi dayisi yeniyeni, samalani ndi zotchipa zimene wogulitsa amalumbira kuti n'zangwiro chonsecho ngodya ina ndi yoperewera. Sizilowa m'thumba, inde, koma 1/6 wanu akakhala wabodza, masamu onse otsatira ndi abodzanso.

Phindu loyembekezeka limalembedwa E[X]. Chulukitsani ndalama iliyonse ndi mwayi wake, kenako muphatikize.

```
E[X] = 30×(1/6) + 12×(2/6) + 0×(3/6)
     = 5 + 4 + 0 = 9
```

Anthu ambiri amangotenga 30, 12 ndi 0 n'kugawa ndi 3, n'kupeza 14, n'kuyamba kusangalala kuti masewerawa ndi odyera. Iyayi. Ziro amabwera katatu kuposa 30, ndiye sangapatsidwe kulemera kofanana. Yankho ndi 9, ndipo popeza mwalipira 10, pa avareji mukutaya kobili limodzi nthawi iliyonse mukaponya. Onaninso kuti 9 simudzamulandira ngakhale kamodzi. Dzina loti "loyembekezeka" limasocheretsa pang'ono: ndi pamene avareji ya zolandira zanu idzakhazikike mukasewera kambirimbiri, osati zimene mungaone pa kuponya kumodzi.

Tsopano valiyansi, pamene ine ndinagwa chagada. Valiyansi imatiuza kuti zolandira zimatalikira bwanji kuchoka pa 9 uja. Njira yachidule imene aliyense amaikonda ndi iyi:

```
Var(X) = E[X²] − (E[X])²
```

Tsiku lina ndikuwerengera zimenezi ndinali ndi 5 ndi 4 pa pepala kale, kuchokera pa sitepe yoyamba ija. Ndinaganiza kuti palibe chifukwa chobwerera ku tebulo. Ndinatenga 5 n'kumuchulukitsa ndi iye mwini, 25, ndinatenga 4, 16, n'kuphatikiza kupeza 41. Kenako ndinachotsa 81, amene ndi sikweya ya 9. Yankho linatuluka −40. Ndinabwereza katatu pa kakyuleta, likutulukabe −40, mpaka ndinayamba kukayikira fomula imene ndinakopera.

Fomula inalibe vuto. Vuto linali loti 5 ameneyo ndi 30 wochulukitsidwa kale ndi 1/6. Pomupanga sikweya, ndinapanganso sikweya mwayi uja, 1/6 n'kusanduka 1/36, ndipo chilichonse chinafota. Chofunika kupangidwa sikweya ndi ndalama yokha. Mwayi umakhala momwe unalili, chifukwa 6 amagwabe kamodzi pa kasanu ndi kamodzi, kaya inu mukuwerenga ndalama kapena masikweya ake. Choncho bwererani ku tebulo, muwonjezere danga lachitatu la X², mulembemo 900, 144 ndi 0, ndiye muchulukitse ndi mwayi womwe uja.

```
E[X²]  = 900×(1/6) + 144×(2/6) + 0 = 150 + 48 = 198
Var(X) = 198 − 81 = 117
```

Chimene chinandipulumutsa n'chakuti valiyansi siingatsike kupitirira ziro, chifukwa ndi avareji ya masikweya, ndipo sikweya siikhala yochepera ziro. Mukaona kamzere kochotsera kutsogolo kwa yankho, musavutike n'kubwereza pa kakyuleta monga ndinachitira ine, fufuzani pamene mwapanga sikweya chinthu cholakwika. Koma musadalire chizindikiro chimenechi chokha. Pa masewera ena cholakwa chomwechi chimapereka nambala yooneka bwino, yoposa ziro, ndipo simungadziwe kuti mwaphonya.

N'chifukwa chake masiku ano ndimatsimikizira ndi njira yaitali, imenenso imaonetsa tanthauzo lenileni la valiyansi. Onani kuti ndalama iliyonse yatalikira bwanji kuchoka pa 9. Kuchoka pa 9 kufika pa 30 pali 21, sikweya yake 441, kuchulukitsa ndi 1/6 tipeza 73.5. Kufika pa 12 pali 3, sikweya yake 9, ndi 2/6 tipeza 3. Kutsika kufika pa 0 pali 9, sikweya yake 81, ndi 3/6 tipeza 40.5. Zonse pamodzi 117. Njira ziwiri zikagwirizana chonchi, mtima umakhala m'malo. Njira yaitaliyi imaululanso kuti gawo lalikulu la 117 likuchokera kwa 30 uja, amene amabwera mwa apo ndi apo koma ali kutali kwambiri ndi avareji.

Nambala ya 117 ili m'makobili a sikweya, chinthu chimene palibe anachigwirapo m'manja. Tengani sikweya ruti yake, mupeza pafupifupi 10.8. Imeneyi ndiye σ, ndipo ili m'makobili enieni: kuponya kumodzi kumakusunthani ndi makobili cha m'ma 11 uku kapena uko, pamene chotaya cha pa avareji ndi kobili limodzi lokha. Apa mpamene pabisala nyambo ya masewera otere. Kutaya kwa pang'onopang'ono kumakwiririka ndi kukwera ndi kutsika kwakukulu.

Za makobili 10 olowera aja musadandaule nazo. Kuchotsa nambala imodzimodzi pa zotuluka zonse kumasuntha avareji kuchoka pa 9 kufika pa −1, koma valiyansi imakhalabe 117.

Wofuna chidule pa kompyuta atsegule Excel, aike ndalama mu A2:A4 ndi mwayi mu B2:B4.

```
=SUMPRODUCT(A2:A4,B2:B4)
=SUMPRODUCT(A2:A4^2,B2:B4)
```

Mzere woyamba upereka 9, wachiwiri 198. Musakhudze VAR.P, fomula ya valiyansi ya mu Excel, pa nambala zitatuzo, ikupatsani 152 chifukwa siidziwa kanthu za mwayi.

Mukasewera ka 100, kuponya kulikonse kosadalira kunzake, chotaya choyembekezeka ndi valiyansi za masewera onse pamodzi zimangochulukitsidwa ndi 100. Muyembekeze kutaya makobili 100, valiyansi 11,700, σ pafupifupi 108, kotero ena adzachokabe ali ndi phindu n'kumanena kuti dayisi imawakonda. Pa ka 10,000 chotaya ndi 10,000 pamene σ yangofika cha pa 1,082, ndipo opindula aja sapezekanso.

Kuti muzolowere, sinthani malamulo: 6 yekha azipereka 54, mbali zina zonse ziro. E[X] ikhalabe 9, E[X²] ifika 486, valiyansi 405, σ pafupifupi 20.1.