Mayeso a HR: funso likufuna chikalata chiti?

Anzanga olemba mayeso kuno ku Salima, funso likakamba za kalaliki wa pa depoti ya mpunga, yang'anani kaye chomwe likufunsa.

Likati ntchito yake ndi yotani, akufuna jobu disikiripishoni: kupima matumba pa sikelo, kulemba malisiti, kupereka lipoti kwa manijala. Likati munthu woyenera ndi wotani, apo ndi jobu sipesifikeshoni: satifiketi ya MSCE, luso la masamu, kukhulupirika. Ambiri amataya malikisi pomwepa, chifukwa amaika MSCE pakati pa ntchito, pomwe MSCE ndi ya munthuyo.

Koma likafunsa komwe zonsezi zachokera, yankho ndi jobu analisisi, kafukufuku amene amabala zikalata ziwirizo. Fotokozani kuti mumakaonerera kalaliki akugwira ntchito, kumufunsa mafunso, ndi kucheza ndi bwana wake.