Kawerengedwe ka p ndi CI kwa ophunzira unamwino

Ophunzira unamwino omwe ndimawathandiza kuno ku Dedza amangoti akaona p = 0.03 mu pepala la kafukufuku wa mankhwala basi ati mankhwalawo ndi abwino. Ndiye ndinayamba kuwabisira p ija ndi chala, ayambe awerenga CI, confidence interval, malire omwe mphamvu yeniyeni ya mankhwalawo ingakhalemo. Tiyerekeze pepala likuti mankhwala atsitsa BP ndi 4 mmHg, 95% CI 0.4 mpaka 7.6. Ziro mulibemo, nchifukwa chake p ili pansi pa 0.05, koma taonani kumunsiko, mwina akutsitsa ndi 0.4 yokha, zomwe kwa wodwala mu wodi sizisintha kanthu. Kenako ndimachotsa chala nkuwauza kuti 0.03 ikutanthauza kuti mankhwalawo akanakhala osagwira ntchito olo pang'ono, kusiyana kotereku kapena koposa apa kukanaoneka katatu pa kafukufuku 100. Ikakhala CI ya RR kapena OR, relative risk kapena odds ratio, zomwe zimayerekeza magulu awiri pogawa osati pochotsera, ayang'ane 1 osati ziro, apa mpomwe ambiri amasokonezeka.